Wojambula akuti sikiripiti yanga ya katuni wa likodzo siikujambulika, ndiyambire pati?

"Zikomo bambo. Ine ndili m'gulu la achinyamata kuno ku Makawa, tikufuna kupanga kavidiyo ka katuni ka masekondi 90 kophunzitsa ana asukulu za likodzo. Sikiripiti ndalemba ndekha, mawu 380, koma mnyamata wojambula wandibwezera akuti siikujambulika, akufuna chiganizo chilichonse chikhale ndi chithunzi chake chimodzi. Chiganizo changa choyamba ndi ichi: 'Likodzo ndi matenda omwe amafala kwambiri m'madera a m'mphepete mwa nyanja chifukwa cha mchitidwe wodzithandiza m'madzi, ndipo amayamba ndi tizirombo tomwe timachulukana mu nkhono tisanalowe m'thupi la munthu kudzera pakhungu pamene akusamba, kuchapa kapena kuwedza, zomwe zimadzetsa mavuto osiyanasiyana a zaumoyo komanso kubwezeretsa m'mbuyo maphunziro a ana.' Chalakwika nchani apa?"

Achemwali, mtima pansi, sikiripiti yanu sinafe ayi, ndipo mnyamatayo sakukuvutitsani dala. Zomwe mwalembazo nzoona ndipo Chichewa chake nchabwino, likanakhala lipoti lopita ku ofesi kapena kapepala kogawa pamsonkhano bwenzi ndikuti sindikizani basi. Vuto ndi loti munthu wowerenga pepala akasokonezeka amabwerera pamwamba nkuwerenganso, pomwe mwana woonera katuni sabwerera, mawu akadutsa adutsa, ndipo nthawi yonseyo maso ake akufunafuna pa sikirini chinthu chomwe khutu likumva. Akachipeza amamvetsa. Akapanda kuchipeza amasankha chimodzi, kuonera kapena kumvera, ndipo ana nthawi zambiri amasankha kuonera.

Tengani bolopeni mudule mzere kunsi kwa mneni aliyense m'chiganizo chanucho, mawu aliwonse osonyeza kuti china chake chikuchitika. Kufala, kudzithandiza, kuyamba, kuchulukana, kulowa, kusamba, kuchapa, kuwedza, kudzetsa, kubwezeretsa. Zochitika 10 m'chiganizo chimodzi cha mawu 47, ngati wakabaza yemwe wanyamula banja lonse ndi thumba la chimanga pa njinga imodzi. Kuchiwerenga mofatsa chitenga masekondi opitirira 20, nde wojambulayo aikepo chani nthawi yonseyi? Akaika chithunzi chimodzi cha nyanja ana atopa nacho pofika sekondi yachisanu ndi chimodzi. Akajambula zonse 10 nkumazisintha mwaliwiro palibe chomwe chioneke bwino. Nchifukwa chake wakubwezerani.

Funso lomwe ine ndimafunsa chiganizo chilichonse ndi limodzi lokha: ndani akuchita chani, ali pati? Wochita m'modzi, chochitika chimodzi, malo amodzi, ndipo zonse zitatu zikhale zoti mutha kuziloza ndi chala. "Mchitidwe" simungauloze ndi chala. Mnyamata ataima m'madzi ofika m'chiuno mutha kumuloza. "Mavuto osiyanasiyana a zaumoyo" saloseka, koma dontho lofiira mumkodzo limaloseka. Chiganizo chikalephera funso limeneli ndekuti kapena chigawidwe, kapena chisinthidwe kuti chikhale cha munthu wooneka, kapena chichotsedwe basi.

Musanagawe, konzani kaye dongosolo la nthawi, apa mpomwe ambiri amaphonya. Polemba timakonda kuyamba ndi mutu waukulu kenako nkumabwerera m'mbuyo ndi mawu ngati "chifukwa cha", "tisanalowe", "pamene". Onani kuti m'chiganizo chanu matenda afala kale koyambirira, kenako mwatibweza kukaona chomwe chinachititsa, kenako "tisanalowe" watilumphitsanso kutsogolo. Khutu la munthu wamkulu limatha kulumpha chonchi koma zithunzi zimangoyenda njira imodzi, chomwe chaoneka koyamba mwana amachitenga kuti ndicho chinachitika koyamba. Nde lembani zochitikazo mmene zimachitikira m'nyanjamo: munthu wodwala akodza m'madzi, timazira tiswa, tizirombo tilowa mu nkhono, tichulukana, tituluka, tiboola khungu la munthu wina, tikula m'thupi, munthuyo ayamba kukodza magazi, ndipo naye akakodza m'madzi nkhani yayambiranso. Mzere umenewu ndiye msana wa katuni wanu.

Tsopano pindani pepala pakati. Kumanzere mulembe zomwe khutu limve, kumanja zomwe diso lione, mzere umodzi kumanzere uyang'anane ndi mzere umodzi kumanja. Chiganizo chanu chija ine ndingachiphwanye motere.

Woyamba: "Mnyamata uyu ali ndi likodzo, ndipo akukodza m'nyanja." Kumanja: mnyamata watifulatira, madzi afika m'chiuno, kutsogolo kwake bango ndi bwato lomangidwa. Ndanena dala kuti watifulatira. Vidiyoyi ikaonetsedwa kusukulu komwe kuli aphunzitsi, makolo, mwina ndi ashehe kapena abusa, chithunzi chowulula kwambiri chitha kuthetsa nkhani yonse pomwepo, anthu nkumakamba za chithunzicho likodzo litaiwalika. Kamtambo kachikasu m'madzi pafupi ndi mnyamatayo nkokwana.

Wachiwiri: "Mumkodzomo muli timazira tosaoneka ndi maso." Kumanja: chithunzi chomwechija, koma patuluka bwalo lozungulira ngati galasi lokulitsira zinthu, mkati mwake timazira titatu.

Wachitatu: "Tikangofika m'madzi, timazirato timaswa." Kadzira kamodzi kang'ambika, kachirombo katuluka.

Wachinayi: "Tizirombo totulukamo timasakasaka nkhono nkulowamo." Nkhono imodzi ili pa tsinde la udzu wa m'madzi, kachirombo kakulowa.

Wachisanu: "Munkhonomo timachulukana kwa milungu ingapo." Nkhono yomweyo yajambulidwa ngati tikuiona mkati, kadontho kamodzi kasanduka timadontho todzaza.

Wachisanu ndi chimodzi: "Kenako timatuluka tambirimbiri." Nkhono, tizirombo ta timichira tikumwazika m'madzi.

Apa nde tafika pa "kusamba, kuchapa kapena kuwedza", tiyeni tiimepo kaye chifukwa mndandanda wa zinthu ndi msampha wa wolemba aliyense. Mawu atatuwa pakamwa amatha m'masekondi awiri, koma ndi anthu atatu osiyana, zovala zosiyana, zida zosiyana, wojambula agwira ntchito ya tsiku lonse kuti chithunzi chilichonse chioneke kosakwana sekondi imodzi. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, yomwe ine ndimakonda, nkusankha chimodzi chokha chomwe owonera anu amachita tsiku ndi tsiku. Poti ndi ana asukulu, tengani mtsikana wotsuka mbale kunyanja m'mawa asanapite kukalasi, nde mzere wachisanu ndi chiwiri ukhale "Mtsikana uyu wabwera kudzatsuka mbale, miyendo ili m'madzi." Zakusamba ndi kuwedza muzisunge, zidzabwere kumapeto ndi mzere wawokha, "Wosamba, wochapa, wowedza, onse madzi ndi omwewa", pa chithunzi chimodzi chotambalala cha doko pomwe anthu atatuwo akuonekera limodzi. Njira yachiwiri nkupatsa chilichonse chiganizo chake, koma mwatha masekondi 12 pa mfundo imodzi, inu muli ndi 90 okha.

Wachisanu ndi chitatu: "Tizirombo tija timaboola khungu nkulowa m'thupi, iye osamva kanthu." Mwendo wokha, bwalo lokulitsira lija labweranso pa akakolo. Wachisanu ndi chinayi: "Mkatimo timakula kukhala nyongolotsi, nkukakhazikika pafupi ndi chikhodzodzo." Wakhumi: "Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mkodzo wake wayamba kutuluka ndi magazi." Ndipo "kubwezeretsa m'mbuyo maphunziro a ana" kuja kusanduke mzere wa 11, "Lero pamalo pake m'kalasi palibe munthu", chithunzi chake desiki ya ana atatu, awiri akhala, pakati pali mpata.

Mwaona kuti mawu oti "amafala kwambiri m'madera a m'mphepete mwa nyanja" asowa? Sindinawaiwale. Bwato, bango ndi thandala loyanikapo usipa zomwe zili pa chithunzi choyamba zanena kale kuti tili kunyanja, mwana wa ku Makawa kapena ku Malindi safunika kumuuza kuti iyi ndi nyanja. Chomwe chithunzi chanena, pakamwa pasabwerezenso. Masekondi amenewo muwapatse zomwe chithunzi sichinganene pachokha, monga "iye osamva kanthu" kapena "tosaoneka ndi maso". Mukayang'ana pepala lanu lopinda lija nkupeza kuti kumanzere ndi kumanja kwalembedwa zofanana ndendende, "mtsikana wovala chitenje wanyamula beseni la mbale" uku ndi uku, fupikitsani kumanzere.

Tikambeko za zinthu zosaoneka ndi maso, chifukwa nkhani ya likodzo theka lake lili pamenepo ndipo apa mpomwe chithunzi chophweka chimatha kunama. Mukajambula kachirombo kakakulu ngati mwendo wa mtsikanayo, popanda bwalo lokulitsira, mwana aphunzira kuti tizirombo ta likodzo timaoneka, nde akafika kunyanja nkuona madzi ali mbee aziti lero kulibe. Mwamuphunzitsa zosemphana ndi zomwe mumafuna. Nchifukwa chake bwalo lija likhale lamulo m'vidiyo yonse, chilichonse chosaoneka ndi maso chizikhala mkati mwa bwalo, chooneka chizikhala kunja, osasakaniza ngakhale kamodzi. Chimodzimodzi nkhono. Mukangolemba kuti "nkhono" wojambula ajambula chinkhono chachikulu chija cha kumunda nthawi ya mvula, chifukwa ndi chomwe aliyense amadziwa. Nkhono za likodzo ndi ting'onoting'ono ta m'madzi, tosapitirira chikhadabo cha chala chachikulu, timakhala pa udzu, m'bango ndi pansi pa madzi osaya. Kumanja kwa pepala lembani zimenezo momveka, ndipo chithunzi choyamba cha nkhono chikhale ndi chinthu choyerekezera kukula, kaya chala cha munthu kaya tsamba.

Palinso kufupikitsa komwe kumasintha tanthauzo. Wina pofuna kusunga nthawi amaphatikiza mizere yachinayi mpaka yachisanu ndi chimodzi nkulemba kuti "nkhono zimayambitsa likodzo", chithunzi nkhono ndi mwana. Chiganizo chachifupi, chithunzi chimodzi, lamulo latsatidwa eti? Koma mwana amva kuti bola osagwira nkhono kapena osaiponda. Chowopsa ndi madzi omwe muli nkhonozo, ngakhale iye asaione nkhono ndi imodzi yomwe. Nde pogawa ziganizo muzidzifunsa kuti mwana ataona chithunzi ichi chokha, chiphunzitso chake chingakhale chani.

China chovuta kujambula ndi "osa-". Mosakayika kumapeto kwa sikiripiti yanu kuli "osakodza m'madzi, osasamba m'nyanja". Kusachita chinthu kulibe chithunzi. Chomwe wojambula angachite nkujambula mwana akukodza m'madzi nkuikapo mtanda wofiira, nde kwa masekondi anayi diso likuona chinthu chomwe mukuletsacho, ndipo pa foni yaying'ono kapena pa pulojekita yowala masana mtandawo suoneka bwino nkomwe. Sinthani chiganizocho chinene chochita. "Mkodzo ukakugwira, tuluka m'madzi upite kuchimbudzi", apa zithunzi ndi ziwiri, nde mizerenso iwiri: mnyamata akutuluka m'madzi, mnyamata akutsegula chitseko cha chimbudzi. Ngati mtanda uja mukuufunabe, mugwiritse ntchito kamodzi kokha pa chithunzi chomwe ana achiona kale koyambirira, kuti asamachiphunzire chatsopano uku akuuzidwa kuti ncholetsedwa. Ndipo za "osasamba m'nyanja" ganizani kawiri achemwali, kuuza mwana wa pa doko kuti asakhudze madzi nkungotaya masekondi, mawa lomwe apita. Kambiranani ndi alangizi a zaumoyo kuti uthenga wotheka ndi uti, mwina kumwa mankhwala akabwera kusukulu, kugwiritsa ntchito chimbudzi, kusamba madzi a pa mjigo pomwe ulipo.

Nthawi yodutsa, "milungu ingapo" ndi "miyezi iwiri kapena itatu", isakudyereni chithunzi chapadera. Kamwezi pa kona kakusintha kuchoka kowonda kufika kathunthu nkokwana, ndipo kuno anthu mwezi amauyang'ana ndithu, asodzi ndi Asilamu omwe. Kalendala yothothoka masamba ija imagwira kwa ana akuluakulu odziwa kuwerenga, a sitandade 2 imawadutsa.

Tsopano masamu a nthawi. Chithunzi chophweka chimafuna masekondi atatu mpaka asanu kuti diso lichipeze, lichimvetse, lisanatope nacho. Mukagawa 90 ndi 4 kapena 5 mupeza zithunzi za pakati pa 18 ndi 22, nde ziganizonso ndi zomwezo, pafupifupi 20. Mizere 11 ija yatenga kale masekondi pafupifupi 50, kwatsala malo a mizere 8 kapena 9 ya zizindikiro, mankhwala ndi kupewa. Mawu 380 aja sangalowe, mutsala ndi mwina 140 kapena 150, ndipo kudula kumeneku kumawawa koma palibe kuchitira mwina. Musadalire malangizo a pa intaneti onena kuti mawu angati pa mphindi, ambiri amawerengera Chingerezi, pomwe ife "tikangofika" kapena "timachulukana" ndi liwu limodzi koma lalitali ndithu. Chodalirika nkutenga foni, kutsegula sitopuwochi, nkuwerenga mokweza ngati mukuuza mwana wa zaka 9, mopumira. Mzere uliwonse mulembe masekondi ake m'mphepete. Womwe wapitirira 6 muuyang'anitsitse, nthawi zambiri mupeza "ndipo", "komanso", "pamene" kapena "zomwe" wabisala pakati, pomwepo mpodulira. Womwe sunakwane masekondi awiri muulumikize ndi mnzake kapena muusiyire kampata kachete, chithunzi chiziyankhula chokha.

Dongosolo la ntchito likhale ili: mawu ayambe kujambulidwa, zithunzi zenizeni pambuyo. Jambulani mawu anu omwe pa foni ngakhale sindinu mudzawerenge komaliza, kenako inuyo mwini mujambule tianthu ta timitengo pa timapepala, kamodzi pa mzere uliwonse, musachite manyazi ndi luso. Mutole timapepalato ndi kamera ya foni, muike mu CapCut kapena pulogalamu ina iliyonse yodulira vidiyo, chilichonse pansi pa mzere wake wa mawu. Akatswiri amati animatiki, ndi kavidiyo koyeserera chabe, koma mmenemu ndi mmene mumaonekera kuti apa pathamanga, apa patalika, apa chithunzi chafika mawu atadutsa. Kusintha pa siteji imeneyi nkungong'amba kapepala. Kusintha wojambula atapenta kale ndi ndalama, ndipo ngati munagwirizana mtengo pa chithunzi chilichonse ndekuti chiganizo chilichonse chowonjezera mukuchilipira. Kachinsinsi kena, chithunzi chizisintha pang'ono pokha mawu ake asanayambe, kachigawo ka sekondi, kuti diso lifike kaye khutu litsatire. Chikachedwa mwana amamva "nkhono" akuonabe kadzira.

Pali ngozi ina mbali inayo, yoti mukadula kwambiri sikiripiti imamveka ngati buku la sitandade 1. Uyu ndi mnyamata. Mnyamata akukodza. Awa ndi mazira. Ana a sitandade 6 aseka. Mankhwala ake si kubwerera ku ziganizo zazitali, koma kumanga mzere uliwonse pa womwe wangotha, ndipo Chichewa chathu chili ndi zomangira zabwino zosadya nthawi. Onani m'mizere ija, "mumkodzomo", "timazirato", "totulukamo", "munkhonomo", "tija", "mkatimo". Liwu lililonse likuloza chinthu chomwe diso langochiona kumene, nde nkhani ikuyenda ngati imodzi ngakhale ziganizo zili zodukaduka. Sinthasinthaninso kutalika, wina wa masekondi asanu, wotsatira wa awiri ndi theka, "Kenako timatuluka tambirimbiri" afupike dala kuti timichira tija tidabwitse. Komanso dzina la chinthu lisasinthe. Mukati "tizirombo" pa mzere wachinayi musadzati "majeremusi" pa wachisanu ndi chitatu chifukwa choopa kubwereza, kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu nkulakwa koma mu katuni mwana aziyesa kuti ndi zinthu ziwiri. Pomwe pali kusintha kwenikweni, tizirombo kusanduka nyongolotsi, munene poyera ndipo chithunzi chionetse kusandukako.

Lamulo la chiganizo chimodzi chithunzi chimodzi silikutanthauza kuti wojambula ayambe pepala latsopano nthawi zonse ayi. Mzere woyamba ndi wachiwiri ndi chithunzi chimodzi chongowonjezera bwalo. Wachinayi, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi nkhono ndi yomweyo, pamalo pomwepo, chikusintha ndi timadontho. Chofunika nchakuti chiganizo chatsopano chikayamba, pa sikirini pasinthe chinthu chimodzi chooneka, ndipo chinthucho chikhale chomwe chikunenedwa. Mukawerenga bwino mupeza kuti mizere 20 itha kufuna malo ojambulidwa 9 kapena 10 okha, zomwe zitsitse mtengo, ndiponso mwana savutika kuzolowera malo atsopano masekondi anayi aliwonse. Muuzeni mnyamatayo zimenezi polemba kumanja kwa pepala kuti "chomwechija, onjeza chakuti". Mumuuzenso kuti mtsikana uja chovala chake chisasinthe mtundu kuyambira kunyanja mpaka kuchipatala, ndipo nyanja ikakhala kumanja pa chithunzi choyamba ikhale kumanja mpaka kumapeto, apo ayi potuluka m'madzi kupita kuchimbudzi azioneka ngati akulowa.

Poti muli ku Mangochi, mawa lino wina apempha vidiyo yomweyi m'Chiyao kuti ikaonetsedwe ku Makanjira kapena ku Namwera. Mukonzekeretu pano. Musalembe mawu ambiri mkati mwa zithunzi, liwu limodzi loti "Likodzo" koyambirira nlokwana, ndipo likhale poti litha kuchotsedwa osakhudza chithunzi. Womasulira mumpatse pepala lopinda lija ndi masekondi ake, osati ndime yolembedwa mondondoza, kuti amasulire mzere ndi mzere akuona chithunzi chake. Mizere ina idzatalika ina idzafupika, nde kumapeto kwa mzere uliwonse wa Chichewa musiyeko theka la sekondi lopumira, ndi pomwe padzalowe kusiyanako.

Mzere wa mankhwala ndikuchenjezeni mwapadera. Chiganizo chonga "imwani mankhwala a likodzo" wojambula aika dzanja lili ndi mapiritsi awiri kapena atatu, basi mwana waphunzira nambala. Mankhwala a likodzo, pulazikwantelo, saperekedwa mofanana kwa aliyense, amatengera kulemera kwa munthu, ndipo kusukulu nthawi zambiri amayeza msinkhu pa ndodo yoyezera. Nde chithunzi chikhale mtsikana waima pa ndodoyo alangizi akumuyeza, mawu ake "Alangizi amuyeza kaye kuti adziwe mlingo wake." Mzere wina wapadera ukhale wa kudya kaye asanamwe, mbale ya phala basi, chifukwa pamimba popanda kanthu mankhwalawa amavutitsa ana ena ndi nseru kapena chizungulire ndipo ndi zomwe zimapangitsa ena kuthawa tsiku logawa. Mapiritsiwo akaoneke m'botolo kapena m'dzanja lotseka la alangizi, osati owerengeka.

Kavidiyo koyeserera kaja kakatha, kayeseni kawiri. Koyamba zimitsani mawu, muonetse ana atatu kapena anayi omwe si a m'gulu lanu, m'modzim'modzi, aliyense akufotokozereni zomwe waona. Musamuthandize, musamufunse kuti "wamvetsa eti", aliyense amavomera. Pomwe wakakamira kapena wanena zina, monga kuti mtsikanayo walumidwa ndi nkhono, chithunzi cha pamenepo kapena dongosolo lake lili ndi vuto. Kachiwiri tembenuzani foni amve mawu okha, kenako mumpatse timapepala tija tosakaniza kuti atiyale motsatana. Kapepala komwe sakudziwa pokaika ndekuti kalibe chiganizo chake chenicheni, ndipo mzere womwe waumva koma sakuupezera kapepala ndi womwe udakali ndi "mchitidwe" kapena "mavuto osiyanasiyana" mkati.

Pomwe mukufunika munthu wina ndi pawiri. Mizere yonse ikakonzeka, mawu omaliza asanajambulidwe, mupite nayo kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena kwa a zaumoyo pa chipatala chapafupi, pamodzi ndi timapepala ta zithunzi, osati mawu okha, chifukwa zolakwika zambiri zimabisala m'zithunzimo. Muwafunse makamaka za miyezi ija, za mankhwala, komanso ngati mukuyenera kutchula likodzo la m'matumbo lomwe mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, sinanga mizere yathu yatsata la m'chikhodzodzo lokha. Akati lilowe, ndi mzere umodzi wowonjezera koyambirira, nde wina uchoke. Muwafunsenso mmene munganenere kuti si aliyense wodwala amaona magazi, kuopa kuti mwana wosaona magazi angakane mankhwala. Ndipo ngati vidiyoyi ikaonetsedwe m'masukulu, aphunzitsi aakulu aione idakali ya tianthu ta timitengo, akakana chithunzi china muchisinthe pomwepo. Munthu wachiwiri ndi wojambulayo. Mukhale naye pansi ola limodzi, inu muziwerenga mzere iye azijambula msangamsanga pa kope, mzere womwe wamutengera nthawi yaitali akuganiza pensulo ili m'mwamba muulembe chizindikiro, mukaukonze kunyumba. Ngati mizere yotereyi ikupitirira isanu pa 20, kapena mwadula mpaka kutopa koma zikukanabe kutsika pa mphindi ziwiri, ndekuti muli ndi mavidiyo awiri m'sikiripiti imodzi, ina ya mmene likodzo limalowera ndi ina ya mankhwala ndi kupewa. Agaweni, iliyonse ikhale ya masekondi 60, zomwenso sizivuta kutumizirana pa WhatsApp bandulo ikakhala yochepa.